Mpata umodzi, mayankho atatu: mafunso a kugwa kwa ufumu wa ku Falansa

Mphunzitsi wa mbiri akalemba pa bolodi kuti "Ufumu wa ku Falansa unatha m'chaka cha ______," yankho amakhala ali nalo kale m'mutu: 1792. Koma mapepala akabwerera, amapeza wina walemba 1789, chaka chomwe anthu a mu mzinda wa Paris anathyola ndende ya Bastille. Wina walemba 1793, chaka chomwe Mfumu Louis XVI anadulidwa mutu. Ndiye pamapezeka mwana wokonda kuwerenga amene walemba 1848, ndipo ameneyu ndiye amamutulutsa thukuta wochonga, chifukwa ufumuwo unabwereranso mu 1814 ndipo mfumu yomaliza, Louis-Philippe, inachoka pampando mu 1848. Mwanayo sanalakwe. Linalakwa ndi funso.

Funso losiya mpata lili ndi mbiri yakeyake, ndipo silinabadwire m'phunziro la mbiri. Mu 1897, katswiri wa za kaganizidwe ka munthu wa ku Jeremani, Hermann Ebbinghaus, anafalitsa zotsatira za mayeso amene anapatsa ana asukulu a mu mzinda wa Breslau, kumene akuluakulu ankafuna kudziwa ngati maphunziro aatali a m'mawa ankatopetsa ana. Iye ankatenga nkhani, kuchotsamo mawu ndi maphatikizo ena, n'kuwauza anawo kuti abwezeretse. Mu 1953, Wilson Taylor wa ku Amerika anagwiritsanso ntchito njira yofanana nayo pofuna kuyeza ngati nkhani yolembedwa ili yosavuta kuwerenga.

Onse awiriwa sankafunsa ngati mwana akudziwa zimene zinachitika kalekale. Ankayeza luso lolingalira mawu osowa potsamira pa mawu oyandikana nawo. Luso limeneli ndi lomwe wolemba mafunso a mbiri ayenera kulitsekera khomo, chifukwa mwana wochenjera pa chiyankhulo angathe kudzaza mpata asanatsegulepo buku. Ndipo zaka khumi za kuukira ufumu ku Falansa, kuyambira 1789 mpaka 1799, zili ndi misampha yambiri yotere.

Nkhaniyo imayambira pa ngongole. Boma la Louis XVI linali litamira nazo, zina chifukwa chothandiza Amerika pa nkhondo yake yofuna ufulu. Pofuna chilolezo cha misonkho yatsopano, mfumu inaitanitsa msonkhano wa magulu atatu a anthu a m'dzikomo: akuluakulu a tchalitchi, mabanja aufulu wobadwa nawo, ndi anthu wamba. Msonkhanowo unatsegulidwa ku Versailles pa 5 Meyi 1789, ndipo unali usanakumanepo chiyambire 1614. Mkangano unabuka pa kavotedwe. Gulu lililonse likaponya voti imodzi, magulu awiri apamwamba akanagonjetsa anthu wamba nthawi zonse, ngakhale kuti nthumwi za anthu wamba zinalipo pafupifupi 600, theka la msonkhano wonse. Pa 17 Juni nthumwizo zinalengeza kuti izo ndizo Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse. Patatha masiku atatu zinapeza holo yawo yokhoma, n'kukakumana m'nyumba yoseweramo tenisi, kumene zinalumbira kuti sizibalalika mpaka dziko litakhala ndi malamulo aakulu olembedwa.

Wolemba wofulumira apa amangolemba kuti "Pa 20 Juni 1789 nthumwi zinakumana mu ______." Funsoli limapatsa malikisi chinthu chachabe kwambiri m'nkhani yonse, chipinda. Mpata uyenera kugwera pa mawu amene asenza tanthauzo: "Pa 20 Juni 1789, m'nyumba yoseweramo tenisi, nthumwi za anthu wamba zinalumbira kuti sizibalalika mpaka Falansa atakhala ndi ______." Tsiku laperekedwa, malo aperekedwa, chimene chatsala n'chimene nthumwizo zinkamenyera. Mpatawo uli kumapeto kwa chiganizo, choncho mwana amafika pa mzerewo atamva kale chimene akufunsidwa.

Pa Bastille, Chichewa chenichenicho chimatha kuulula yankho. Khamu lomwe linafika pa ndendeyo pa 14 Julayi linkafuna wonga wa mfuti zimene linalanda m'mawa womwewo pa nyumba yosungira asilikali okalamba ndi olumala. Akaidi amene anapezekamo anali asanu ndi awiri okha. Munthu akalemba kuti "Anapezamo akaidi asanu ndi ______," wapereka kale theka la yankho, ndipo mwana wangotsala ndi mawu anayi osankhapo: mmodzi, awiri, atatu, anayi. Akawonjezera chilembo n'kulemba "asanu ndi a______," atsala atatu. Mgwirizano wa mawu umachitanso chimodzimodzi: "______ cha" amauza mwana kuti dzina losowalo ndi la gulu la mayina oyamba ndi chi-, pamene "______ ya" amamukankhira kwina. Nambala ikafunsidwa, ifunsidwe yonse ndipo ilembedwe m'manambala. Mizere ya mipata nayo ikhale yotalika mofanana, kuti kutalika kwake kusanong'oneze kalikonse.

Komatu chiwerengero cha akaidi si ndime ya mbiriyo. Chimene chinasintha dziko m'chilimwe chimenecho ndi usiku wa pa 4 Ogasiti, pamene Nyumba ya Malamulo inathetsa maufulu apadera a eni minda ndi a tchalitchi, ndi tsiku la 26 Ogasiti, pamene inavomereza chikalata cha ufulu wa munthu ndi nzika. Mu Okutobala, amayi a mu Paris, atakwiya ndi kusowa ndi kudula kwa buledi, anayenda ulendo wapansi mpaka ku Versailles n'kubwera ndi banja lachifumu mu mzindawo. Mfumu inali idakali pampando. N'chifukwa chake mwana wolemba 1789 pa funso loyamba lija amakhala waphonya, ngakhale kuphonya kwake kuli komveka.

Pakati pa nkhaniyi ndi pamene pamaterera kwambiri, chifukwa nyumba za malamulo zinalipo zitatu zotsatizana. Yoyamba, ija ya mu 1789, inalemba malamulo aakulu a 1791, omwe anasiya mfumu pampando koma atachepetsa mphamvu zake. Yachiwiri inayamba pa 1 Okutobala 1791 ndipo ndiyo inavomereza nkhondo ndi dziko la Ositiriya pa 20 Epulo 1792. Yachitatu, yotchedwa Konvenshoni, inakumana koyamba pa 20 Seputembala 1792. Chiganizo chonena kuti "Nyumba ya Malamulo ina______ mfumu" sichingakhale ndi yankho limodzi, pakuti nyumba iliyonse inachita chake ndi mfumu yomweyo. Yoyamba inaimitsa Louis kwa kanthawi atagwidwa ku Varennes mu Juni 1791 akuthawa ndi banja lake, kenako inamubwezera pampando. Yachiwiri inamuimitsanso pa 10 Ogasiti 1792, khamu litaukira nyumba yachifumu ya Tuileries. Yachitatu inathetsa ufumu pa 21 Seputembala, inamuzenga mlandu, ndipo anadulidwa mutu pa 21 Januwale 1793.

Apa ndiye pakonzedwe funso la pa bolodi lija. Silifunika kutayidwa, likungofunika mpanda. Choyamba, aliuze nthawi: "m'zaka za kuukira ufumu," kuti 1848 atsekeredwe kunja. Chachiwiri, atchule amene anachita, kuti imfa ya mfumu isasakanikirane ndi kutha kwa mpando wake: "Konvenshoni inathetsa ufumu n'kuyambitsa boma lopanda mfumu mu Seputembala chaka cha ______." Tsopano 1792 yekha ndiye angalowe. Mphunzitsi amene akufuna kuyeza kumvetsa koposa kuloweza angatembenuze chiganizocho: "Pa 21 Seputembala 1792, miyezi inayi Louis XVI asanaphedwe, Konvenshoni inathetsa ______." Pa pepala lochongera alemberetu mayankho onse ovomerezeka, "ufumu," "ulamuliro wa mafumu," "mpando wachifumu," kuti mwana asalandidwe malikisi chifukwa chosankha mawu ena a tanthauzo lomwelo. Koma mafunso awiriwa asakhale pa pepala limodzi. Lachiwiri lanyamula yankho la loyamba poyera.

Ndime yotsatira ndi ya mantha, ndipo siyenera kulembedwa mopepuka. Anthu pafupifupi 17,000 anaweruzidwa kuti aphedwe, kuwonjezera pa ambiri amene anafera m'ndende ndi m'nkhondo yapachiweniweni ya ku Vendée. Mkazi wa mfumu, Marie Antoinette, anaphedwa pa 16 Okutobala 1793. Mphamvu zinali m'manja mwa komiti yoteteza dziko, yomwe inakhazikitsidwa mu Epulo 1793, ndipo Maximilien Robespierre analowamo mu Julayi. Iye sanali pulezidenti, anali mmodzi mwa mamembala khumi ndi awiri, ngakhale mawu ake ankalemera koposa. Funso loti "Mtsogoleri amene anadulidwa mutu mu 1794 anali ______" limatsegulira khomo anthu angapo: Jacques Hébert anaphedwa mu Malichi, Georges Danton pa 5 Epulo, Robespierre pa 28 Julayi. Akatswiri a mbiri amasiyananso pa mwezi umene ulamuliro wa manthawo unayamba, ena amaloza Seputembala 1793, ena miyezi ya m'mbuyo mwake. Pa mathero ake ndiye amagwirizana. Choncho mpata uikidwe pamene nthaka ili yolimba: "Ulamuliro wa mantha unatha pamene Konvenshoni inalamula kuti ______ amangidwe pa 27 Julayi 1794." Ngakhale apo, wochonga wosamala adziwe kuti tsiku lomwelo anamangidwanso anzake monga Saint-Just ndi Couthon, ndiye ndi bwino kuwonjezera kuti "pamodzi ndi anzake."

Ndime yomaliza ambiri amaidutsa mothamanga, ndipo funso limodzi limaikwanira. Malamulo aakulu atsopano a 1795 anapereka boma kwa amuna asanu, kuopa kuti munthu mmodzi angadzakulenso mphamvu. Boma limeneli linadalira asilikali kuti likhalebe, mpaka mkulu wa asilikali Napoleon Bonaparte ndi anzake analigwetsa pa 9 Novembala 1799.

Funso likalembedwa, njira yoliyesera ndi yapafupi. Wolemba alipereke kwa mphunzitsi mnzake wa mbiri popanda pepala la mayankho: akabwera ndi yankho lina lolondola, chiganizocho n'chotayirira. Aliperekenso kwa wa samu kapena wa ulimi amene sanawerengepo za Falansa: akalipeza, ndiye kuti chiganizo chaulula chokha. "Kuukira ufumu kunatha mu ______" limagwa pa mayeso oyamba, chifukwa mabuku ena amaimira pa 1794, ena pa 1795, ambiri pa 1799. "Boma la amuna asanu linagwetsedwa pa 9 Novembala 1799 ndi gulu lomwe linaika ______ pa udindo waukulu wa dziko" limadutsa mayeso oyambawo, ngakhale wa samu uja angathe kuliwombera mwamwayi, poti dzina la Napoleon ndi lokhalo la nthawi imeneyo limene pafupifupi aliyense analimvapo. Pa iye, mpata usamutsidwe: dzinalo liperekedwe, ndipo mzerewo ugwere pa boma limene analigwetsa.