Masentimita Awiri Omwe Lipoti Silinatchule

Malipoti ambiri a ku labotale amatha ndi chiganizo chimodzi chomwe ophunzira amangopatsirana chaka ndi chaka: zotsatira zasiyana ndi za m'buku chifukwa cha kulakwitsa kwa munthu ndi mphepo. Chiganizo chimenechi chimakwana pa lipoti la asidi, la magetsi ngakhale la nyemba zomera m'thonje, ndipo n'chifukwa chake sichifotokoza kanthu. Lipoti labwino lili ndi zigawo zitatu zomwe zimamangana. Njira imanena zomwe munthu adachitadi. Zotsatira zimaonetsa zomwe zipangizo zidapereka. Gawo lotanthauzira limafotokoza chifukwa chomwe njira ija idabala manambala ajawo, osati ena. Kuti tione m'mene zigawozi zimagwirirana, titenge ntchito yodziwika m'phunziro la fizikisi ku sekondale, ya kupeza g, liwiro lomwe chinthu chimaonjezera sekondi iliyonse chikamagwa, pogwiritsa ntchito pendulamu.

Zipangizo zake n'zochepa: ulusi, kampira kachitsulo, rula, wotchi yoimitsa ndi poikoleka. Wophunzira amayeza kutalika kwa pendulamu, L, n'kukoka kampira pang'ono, n'kukasiya. Kakapita n'kubwerera pomwe kadayambira, ndiwo ulendo umodzi, ndipo nthawi yake ndi T. Zonsezi zimalumikizana mu fomula iyi: T² = 4π²L/g.

Tiyerekeze kuti gulu lina layeza nthawi ya maulendo 20 pa kutalika kunayi. Pa mamita 0.40 lapeza masekondi 26.0, pa 0.60 lapeza 31.6, pa 0.80 lapeza 36.4, ndipo pa mita imodzi lapeza 40.6. Likagawa nthawi iliyonse ndi 20 n'kuika mu fomula, g akutuluka 9.34, kenako 9.49, kenako 9.53, pomaliza 9.58. Buku likuti 9.81. Apa ndi pomwe dzanja limayabwa. Wina amafufuta 26.0 n'kulemba nambala yomwe ingapereke yankho la m'buku. Wina amatenga avareji, 9.5, n'kunamizira mphepo. Onse awiri ataya chinthu chamtengo wapatali m'tebulo lonselo, chomwe ndi kayendedwe ka manambalawo: onse anayi ali pansi pa yankho loyembekezeka, ndipo akukwera pamene ulusi ukutalika.

Asayansi akamanena za kuphonya pa muyeso, sakunena kuti wina wachita chibwana. Akunena za mpata womwe umakhala pakati pa nambala yoyezedwa ndi nambala yeniyeni, ndipo mpatawo umakhalapo ngakhale munthu atasamala motani. Kuphonyaku kulipo kwa mitundu iwiri. Kwina n'kwa uku ndi uku: chala chimadina wotchi mofulumira pang'ono ulendo uno, mochedwa pang'ono ulendo wina, ndipo manambala amamwazikana mbali zonse za nambala yeniyeni. Mankhwala ake ndi kubwereza n'kutenga avareji. Kwina n'kwa mbali imodzi, monga sikelo ya venda wogula chimanga yomwe imabera theka la kilogalamu pa thumba lililonse. Mutayeza thumba lomwelo kakhumi, mupeza bodza lomwelo kakhumi, ndipo avareji siikuthandizani. Kulakwitsa kwenikweni, monga kulemba 62.0 m'malo mwa 26.0, ndi nkhani ina. Kumeneko sitifotokoza m'lipoti ngati chifukwa, timangobwereza muyesowo.

Tsopano tizenge mlandu wa aliyense yemwe amanamiziridwa. Chifukwa chilichonse chomwe gawo lotanthauzira likutchula chiyenera kuyankha mafunso awiri: chikukankhira yankho mbali iti, ndipo ndi mphamvu yaikulu bwanji?

Tiyambe ndi chala cha pa wotchi. Munthu amaphonya ndi masekondi pafupifupi 0.2. Pa masekondi 26.0, imeneyi ndi 0.8 peresenti. Popeza T amachulukitsidwa ndi iye mwini mu fomula, kuphonyako kumawirikiza kawiri n'kufika pafupifupi 1.5 peresenti, kutanthauza 0.15 pa g. Koma 9.34 watalikirana ndi yankho loyembekezeka ndi nambala yoposa 0.4, pafupifupi katatu kuposa zomwe chala chingachite. Komanso chala sichikondera mbali imodzi. Pano tikuonanso chifukwa chomwe njira imati maulendo 20 osati umodzi: masekondi 0.2 pa ulendo umodzi wa masekondi 1.3 akadakhala 15 peresenti.

Mphepo nayo mlandu wake ndi wochepa. Mpweya umachititsa kuti kampira kazifika pafupi ulendo uliwonse mpaka kaime, koma nthawi ya ulendo wa kampira kolemera kachitsulo imasintha pang'ono kwambiri moti wotchi ya m'manja siingaone.

Nanga kawerengedwe ka maulendo? Ophunzira ambiri amati "wani" pomwe akusiya kampira, m'malo moyamba ndi ziro, motero akafika pa 20 amakhala awerenga maulendo 19 okha. Vutoli limachitikadi, koma limafupikitsa T ndi 5 peresenti n'kukweza g kufika cha m'ma 10.8. Manambala athu ali pansi, osati pamwamba. Ameneyu tammasula.

Wina yemwe akukayikitsa ndi kukokera kampira patali kwambiri. Fomula ija imagwira bwino ngati ulusi wapendekeka pang'ono, osapitirira madigiri 10. Pa madigiri 30, nthawi ya ulendo imatalika ndi pafupifupi 1.7 peresenti, ndipo g amatsika ndi 3 peresenti ndi kanthu. Mbali yake ndi yomweyi, kukula kwake n'koyandikira. Komabe pendulamu zonse zinayi zikadakokedwa madigiri ofanana, zikadatsika mofanana, osati 9.34 kuno 9.58 uko. Ndiye kuti awerengi atsimikize, njira iyenera kunena kuti kampira kadakokedwa madigiri angati. Ikangoti "tidakoka pang'ono", woganiziridwayu sangamangidwe, sangamasulidwenso.

Chomwe chikugwira wakuba ndi girafu. Mukaika T² pa mzere woimirira ndi L pa mzere wogona, fomula ikulonjeza mzere woongoka wodutsa pa ziro, chifukwa pendulamu yopanda utali ilibenso nthawi. Madontho anayi a gulu lija akupangadi mzere woongoka, koma mukautalikitsa cham'mbuyo sukudutsa pa ziro. Ukudula mzere wogona pafupifupi masentimita 2 kumanzere kwake. Tanthauzo lake n'lakuti pendulamu iliyonse idali yaitali ndi masentimita 2 kuposa zomwe zidalembedwa m'tebulo. Masentimitawo ali kuti? L amayezedwa kuchokera pomwe ulusi wakolekedwa kufika pakatikati pa kampira. Gulu lija lidayeza ulusi wokha, kulekezera pa mfundo ya pamwamba pa kampira, n'kusiya ngowe ndi theka la kampirako. Masentimita 2 pa 40 ndi 5 peresenti, pomwe pa 100 ndi 2 peresenti yokha, n'chifukwa chake pendulamu yaifupi ndiyo idaphonya kwambiri. Mbali ikugwirizana, kukula kukugwirizana, ngakhale kukwera kwa manambala kuja kwafotokozeka.

Ubwino wina wa girafu ndi wakuti kuonjezera masentimita ofanana pa L aliyense kumasuntha mzere wonse koma sikusintha kupendekeka kwake. Kupendekekako kukutuluka pafupifupi 4.05, ndipo 4π² kugawa ndi 4.05 kukupereka cha m'ma 9.74. Muyeso womwewo umene umaoneka ngati wolephera wapereka yankho labwino, popanda kufufuta nambala ngakhale imodzi.

Tsono onani zomwe zikadachitika gululi likadakopera njira kuchokera pa pepala la aphunzitsi. Pepalalo limati yezani kufika pakati pa kampira. Lipoti likadanena zomwezo, ndipo girafu ikadalitsutsa poyera. Ichi ndi chifukwa chake njira imalembedwa monga nkhani ya zomwe zidachitika kale, osati ngati malamulo. Ena amaona ngati ndi mwambo chabe wa kalembedwe, koma ayi. "Yezani kutalika" ndi lamulo, pomwe "tidayeza ndi rula ya mamilimita kuchokera pa chopanira kufika pa mfundo" ndi umboni. Sindikunena kuti njira itchule mtundu wa mpando womwe mudakhalapo. Choyenera kulowamo ndi chilichonse chomwe chikadasintha nambala chikadachitika mwanjira ina: poyambira ndi pothera muyeso, madigiri, chiwerengero cha maulendo, kangati mudabwereza, ndi kagawo kakang'onong'ono komwe chipangizo chilichonse chimatha kuonetsa.

Gawo la zotsatira ntchito yake ndi kuonetsa, osati kudziteteza. Tebulo likhale ndi manambala monga adachokera pa wotchi, 26.0 osati T wogawidwa kale yekha, kuti wina athe kuwerengetsa payekha. Muyeso wa mzati uliwonse, mamita kapena masekondi, ulembedwe pamutu pake. Nambala yomwe mukuikayikira isachotsedwe mwakachetechete, ikhalepo ndipo chifukwa choisiyira chinenedwe. Ndipo kakyuleta ikatulutsa 9.344004, musakope zonse. Wotchi yomwe ikukayikitsa kale pa gawo limodzi la magawo khumi a sekondi siingabale manambala asanu ndi limodzi pambuyo pa kadontho. Yankho limalembedwa ndi malire a chikayiko chake. Pa muyeso uwu, 9.7 ± 0.2 ndi yankho loona mtima, ndipo limauza owerenga kuti nambala yeniyeni ikuyembekezeka pakati pa 9.5 ndi 9.9. Funso loti "kodi tapeza za m'buku?" limasanduka funso loyankhika: kodi nambala yoyembekezeka ili m'kati mwa malirewo? Pano ili m'kati.

Nambala yoyembekezekayo nayo ndi yofunika kuifunsa. 9.81 si ya dziko lonse lapansi. Dziko limazungulira ndipo ndi lotupa pakati, motero g ndi wochepa kufupi ndi ikweta, pafupifupi 9.78, ndipo amakwera mpaka 9.83 ku nsonga za dziko. M'chaka cha 1672, Jean Richer wa ku France adapita ku Cayenne, ku South America, ndi wotchi ya pendulamu yomwe imayenda bwino ku Paris, ndipo kumeneko idayamba kutsalira ndi mphindi ziwiri ndi theka patsiku. Lilongwe ali pafupifupi madigiri 14 kumwera kwa ikweta, pamtunda wa mamita oposa 1,000, kotero g wa kumeneko ndi pafupifupi 9.78. Wophunzira wochenjera angafune kugwiritsa ntchito mfundoyi kufotokozera 9.34 wake, koma aiyese ndi mafunso awiri aja. Mbali ndi yolondola. Kukula kwake ndi 0.03 basi, pomwe mpata wofunika kufotokoza ukuposa 0.4. M'lipoti mfundoyi ikuyenera chiganizo chimodzi, chonena nambala yomwe tikuyerekeza nayo.

Gawo lotanthauzira la gulu lija, litalembedwa bwino, lingakwane m'ndime imodzi. Linganene kuti g wa muyeso uliwonse adatuluka wotsika, kuyambira 9.34 mpaka 9.58, kuti girafu idaphonya ziro ndi masentimita pafupifupi 2, zomwe zikugwirizana ndi kuyeza ulusi wokha monga njira yanenera, kuti kupendekeka kwa mzere, komwe vutoli silikukhudza, kudapereka 9.7 ± 0.2, mogwirizana ndi 9.78, ndipo kuti chikayiko chotsalacho chikuchokera makamaka ku wotchi. Malangizo a ulendo wina atuluke m'zomwezo: kuyeza ngowe ndi kukula kwa kampira n'kuonjezera pa L, komanso kuwerenga maulendo 40 pa pendulamu zazifupi kuti masekondi 0.2 aja achepe mphamvu ndi theka.