Mlandu wa Habré: cifukwa cake sunapite ku Hague

Tikamva kuti mtsogoleli wina wapha anthu ake, ambili a ife timangonena kuti "amutengele ku Hague." Timaganiza kuti khoti la ICC ndilo lokhalo limene limaweluza milandu ya nkhanza zoopsa. Koma Hissène Habré, amene analamulila dziko la Chad kucokela mu 1982 kufika mu 1990, sanaponde ku Hague. Anaweluzidwa ku Dakar, m'dziko la Senegal, m'khoti limene linakhazikitsidwa kaamba ka milandu ya mu ulamulilo wake cabe.

Habré anali ndi apolisi a kabisila ochedwa DDS. Awa ndiwo anali kugwila anthu, kuwazunza m'ndende ndi kuwapha. Atathawila ku Senegal mu 1990, bungwe lofufuza limene boma latsopano linakhazikitsa linayelekezela kuti anthu okwana 40,000 anaphedwa. Mu 2001, ofufuza a Human Rights Watch anapeza milu ya mapepala a DDS atangotayidwa m'maofesi akale ku N'Djamena. M'mapepalawo munali maina a anthu 1,208 amene anaphedwa kapena kufela m'ndende. Umboni unalipo, mwini mlandu anali moyo ndipo aliyense anali kudziwa kumene akhala. Cimene cinasowa ni khoti.

ICC siikanamukhudza. Pangano la ku Rome limene linabala khotili linasainidwa mu 1998 ndipo linayamba kugwila nchito pa 1 Julayi 2002. Mlandu uliwonse wocitika tsikuli lisanafike, ICC ilibe nawo mphamvu, ngakhale ukhale woopsa bwanji. Lamuloli analiikamo dala, cifukwa maiko ambili sakanasaina akanadziwa kuti zakale zawo zidzafukulidwa.

Kwa milandu yotele pamatsala njila ya makhoti apadela, ndipo alipo a mitundu iwili. Mtundu woyamba ni aja amene bungwe la UN limakhazikitsa lokha, oweluza onse n'kucokela kunja, monga khoti la milandu ya ku Rwanda limene linali ku Arusha. Limeneli tili nalo ubale: Jean-Paul Akayesu, munthu woyamba kupezeka wolakwa m'khoti la maiko onse pa mlandu wofuna kufafaniza mtundu wa anthu, anagwidwa muno m'Zambia mu 1995. Mtundu waciwili ni makhoti osakaniza, mmene oweluza a m'dzikomo amakhala pamodzi ndi ocokela kunja, monga a ku Sierra Leone ndi ku Cambodia. La Habré linali la mtundu waciwiliwu.

Kuti libadwe panapita zaka 13. Anthu amene anazunzidwa, pakati pawo a Souleymane Guengueng amene anapulumuka m'ndende za DDS, anakasuma ku Dakar mu 2000. Woweluza anamuimba mlandu Habré, koma makhoti aakulu a ku Senegal anauthetsa ponena kuti malamulo awo sawalola kuweluza zocitika kunja kwa dziko. Osumawo anapita ku Belgium, ndipo dzikolo linapempha kuti Habré atumizidwe kumeneko mu 2005. Bungwe la AU, posafuna kuona mtsogoleli wakale akutengedwa ku Ulaya, linauza Senegal mu 2006 kuti imuzenge mlandu m'dzina la Afilika.

Senegal inasintha malamulo ake, koma apa panabuka vuto lina. Maloya a Habré anadandaula kuti munthu sungamuweluze ndi lamulo limene lapangidwa iye atacita kale zinthuzo. Mu 2010 khoti la ECOWAS linagamula kuti ngati mlanduwo uzengedwa, uzengedwe m'khoti lapadela lotsatila malamulo a pakati pa maiko, pakuti m'malamulo amenewo kuzunza ndi kupha anthu ambilimbili zinali zoletsedwa kale. Apa ndipo pagona nzelu ya makhoti osakaniza: amabweleka malamulo akunja kuti atseke mpata umene uli m'malamulo a dziko.

Ngakhale zinali conco, boma la pulezidenti Abdoulaye Wade linapitiliza kuzengeleza, likumanena za ndalama. Zinthu zinayenda mu 2012, pamene Macky Sall anapambana masankho, ndipo khoti lina la ku Hague, la ICJ, limene limaweluza mikangano ya pakati pa maboma, linalamula Senegal kuti imuzenge mlandu kapena imupeleke. Khoti lapadelalo linatsegulidwa mu Febuluwale 2013.

Mlandu unayamba pa 20 Julayi 2015. Wapampando anali woweluza wa ku Burkina Faso, a Gberdao Gustave Kam, ndipo anzawo awili anali a ku Senegal. Habré anakana khotilo, mwakuti anacita kumunyamula kumulowetsa m'cipinda coweluzila, ndipo anakhala cete, nkhope atakulunga nsalu yoyela, maso atabisa m'magalasi akuda. Mboni 93 zinalankhula. Pa 30 Meyi 2016 anapezeka wolakwa ndipo analamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Apilo inatsimikiza cilangoco mu Epulo 2017.

Tikayelekezela ndi ICC, kusiyana kumaoneka msanga. Nchito yonse ya ku Dakar inadya ndalama zosafika mayulo 10 miliyoni, pamene ICC imagwilitsa nchito mayulo oposa 150 miliyoni caka ciliconse, ndipo inatenga zaka 10 kuti ipeze munthu woyamba wolakwa, Thomas Lubanga wa ku Congo, mu 2012. Komanso khoti la ku Dakar linali mkati mwa makhoti a Senegal, conco apolisi a kumeneko anangopita kukamutenga Habré kunyumba kwake. ICC ilibe apolisi. Inatulutsa cikalata cogwila Omar al-Bashir wa ku Sudan mu 2009, koma iye anafika ku Malawi mu 2011 ndi ku South Africa mu 2015, n'kubwelela kwawo bwinobwino.

Tisafulumile kuombela m'manja makhoti apadela. Amabadwa pokhapokha andale akagwilizana, ndipo andale amagwilizana pamene woimbidwa mlandu alibenso mano. Ku Dakar kunaweluzidwa munthu m'modzi cabe. Ena amene khoti linawafuna, boma la Chad silinawapeleke. Idriss Déby, amene anali mkulu wa asilikali a Habré asanamugwetse, anali pulezidenti wa Chad panthawi ya mlanduwo, ndipo boma lake linali pakati pa opeleka ndalama zambili ku khotilo. Sanaimbidwe mlandu. Amelika ndi France, amene anathandiza Habré cifukwa anali mdani wa Gaddafi, nawonso sanayankhe kalikonse pamaso pa oweluza. ICC ili ndi zofooka zake, koma wozenga milandu wake angathe kuyamba kufufuza m'dziko limene ni membala, monga Zambia, oweluza akamulola, osayembekeza kuti atsogoleli akhale pansi kupanga khoti latsopano. Kwa ife uku ndiko kupambana kwenikweni kwa khoti lokhalitsa.

Cina n'cakuti khoti lapadela likamaliza mlandu limatseka zitseko. Oweluza a apilo analamula kuti anthu 7,396 alipidwe mafulanki a CFA okwana 82 biliyoni, ndipo nchito yosonkhanitsa ndalamazo inasiyidwa m'manja mwa thumba limene AU inayenela kuyendetsa. Oweluza anabwelela kwawo, maofesi anatsekedwa, ndipo sipanatsale wokakamiza. ICC, pokhala yosatseka, ili ndi thumba lake la ozunzidwa limene limapitiliza nchito mlandu ukatha, ngakhale ndalama zake n'zocepa. Habré anamwalila ku Dakar mu Ogasiti 2021, ndipo pofika tsikulo thumba la AU linali lisanalipile munthu ngakhale m'modzi.