Kumasulila Kalata ya Nchito: Mau Atatu Ofunika Kusamala

M'boma la Mambwe, anthu ambili amapeza nchito m'maloji a ku Mfuwe, pafupi ndi nkhalango ya nyama ya South Luangwa. Makalata owaitanila pa nchito amalembedwa m'Cizungu, pomwe ambili mwa anthuwo amalankhula Cikunda ndi Cinyanja. Motelo womasulila ayenela kufotokoza mau onse pamodzi ndi manambala ake munthu asanasaine. Malamulo ake ali mu Employment Code Act ya caka ca 2019.

Mau oyamba ndi pulobeshoni, kutanthauza nthawi yoyesedwa pa nchito. Womasulila asanene cabe kuti "mwalembedwa nchito", cifukwa pa nthawiyi bwana kapena wanchito angathetse pangano mwa kupeleka cenjezo la maola 24. Nthawiyi siipitilila miyezi itatu, ngakhale bwana angaonjezepo ina yosapitilila itatu. Ikatha, ndipo bwana sanalembe kalata yonena zotulukapo zake, lamulo limamuona wanchitoyo kukhala wokhazikika.

Mau aciwili ndi notisi, cenjezo lopelekedwa pangano lisanathetsedwe. Ngati kalata siinachule masiku, lamulo liika maola 24 pa pangano losapitilila mwezi umodzi, masiku 14 pa losapitilila miyezi itatu, ndi masiku 30 pa lopitilila pamenepo. Conco wophika wolembedwa miyezi isanu pa msasa umene umatsekedwa m'dzinja ali pa notisi ya masiku 30. 

Mau acitatu akhudza malipilo. Kalata imasiyanitsa beziki, amene ndi malipilo enieni, ndi ndalama zoonjezela za nyumba, cakudya ndi mayendedwe. Gilachuwiti, ndalama yopelekedwa pangano la zaka likatha, imawelengedwa pa beziki yekha, ndipo siicepela 25 pelesenti.

Tiyelekeze kuti wopelekela zakudya wapatsidwa pangano la zaka ziwili, beziki wa K3,000 ndi zoonjezela K1,200 pa mwezi. Pa miyezi 24 beziki akwana K72,000, ndipo gilachuwiti ndi K18,000. Womasulila akaphatikiza zonse n'kunena kuti "malipilo anu ndi K4,200", munthuyo adzayembekezela K25,200, ndipo mkangano udzabuka pa K7,200 imene sanalonjezedwe. Auzidwenso kuti pa malipilo a mwezi padzacotsedwa zopeleka za penshoni ku NAPSA ndi za inshuwalansi ya cipatala ku NHIMA.

Pomaliza, womasulila apemphe munthuyo kubweleza m'mau ake tsiku lotha pulobeshoni, masiku a notisi ndi kuculuka kwa beziki. Akaphonya cimodzi, afotokozenso. Ngati kalata ipeleka zocepela pa zimene lamulo linena, aionetse kwa ofesala woona za anchito asanasaine.