Kusintha Vidiyo Yogona Kukhala Yoimirira

Kusintha vidiyo yogona kukhala yoimirira ndi ntchito yodula ndi kukonzanso chithunzi chotambalala kuti chidzaze sikirini ya foni imene munthu waigwira choimika. Makamera ambiri, wailesi yakanema ndi makompyuta amagwiritsa ntchito muyeso wa 16:9, pamene TikTok, Instagram Reels ndi YouTube Shorts amafuna 9:16. Vidiyo yogona yodziwika kwambiri imakhala ndi mapikiselo 1920 kutambalala ndi 1080 msinkhu, ndipo yoimirira imakhala ndi 1080 kutambalala ndi 1920 msinkhu. Ntchito yonse imagona pa funso limodzi, limene wokonza amayenera kuliyankha pa chigawo chilichonse cha vidiyo: kodi woonera ayenera kuona chiyani pa nthawi imeneyi?

Chiyambi chake

Vutoli si lachilendo. Kuyambira mu 1953, pamene CinemaScope inabweretsa mafilimu otambalala kwambiri, akatswiri ankavutika kuonetsa mafilimuwo pa wailesi yakanema ya muyeso wa 4:3. Ankasankha mbali imodzi ya chithunzi n'kumaisuntha potsatira wosewera, ndipo anthu ena a mufilimuyo ankatsalira kunja. Mafoni anangotembenuza vutoli n'kulikulitsa. Instagram itayambitsa Reels mu 2020, chaka chimenenso YouTube inayamba kuyesa Shorts ku India, anthu ambiri amene anali ndi mavidiyo ogona anafunika kuwakonzanso.

Zimene zimatayika podula

Kudula kuli ngati kuyang'ana bwalo lalikulu kudzera pa zenera lopapatiza: zenera mungalisunthe, koma simungaone bwalo lonse nthawi imodzi. Pa vidiyo ya 1920 ndi 1080, zenera loimirira lingatenge msinkhu wonse wa 1080. Kutambalala kwake kumapezeka pochulukitsa 1080 ndi 9 n'kugawa ndi 16, zimene zimapereka 607.5. Okonza amatenga 608, chifukwa njira zofala zosungira vidiyo zimafuna nambala yogawika ndi 2. Choncho pa mapikiselo 1920 pamatsala pafupifupi 32 peresenti, ndipo zina zonse zimatayika.

Kutaya kwachiwiri ndi kwa kuoneka bwino kwa chithunzi. Kachidutswa ka 608 ndi 1080 kamayenera kukulitsidwa pafupifupi maulendo 1.78 kuti kafike pa 1080 ndi 1920. Kukulitsa sikuwonjezera chilichonse chimene kamera sinajambule, n'chifukwa chake tsitsi, nsalu ndi masamba zimayamba kuoneka mwachimbuuzi. Vidiyo yojambulidwa pa 3840 ndi 2160 ilibe vutoli, pakuti zenera lake ndi 1215 ndi 2160, loposa kale muyeso wofunika. Pa chifukwa chomwechi, wokonza ayenera kuyambira pa fayilo yochokera mu kamera. Imene yadutsa pa WhatsApp kawirikawiri imakhala itachepetsedwa kale, ndipo ikadulidwa n'kukulitsidwanso imaphwanyika timabokosi.

Chifukwa chake kudula pakati kumalephera

Mapulogalamu ambiri amayamba ndi kuika zenera pakati penipeni. Pa vidiyo ya 1920, zenera limenelo limayambira pa pikiselo 656 n'kuthera pa 1264, kuwerenga kuchokera kumanzere. Koma ojambula ophunzitsidwa kawirikawiri saika munthu pakati. Amagawa chithunzi patatu n'kumuika pa umodzi wa mizere iwiri yogawayo, imene imagwera pa 640 ndi pa 1280. Mizere yonse iwiriyi ili kunja kwa zenera lapakati. Zotsatira zake n'zakuti vidiyo imene inajambulidwa mwaluso ndi imene imaonongeka kwambiri: pamatsala phewa limodzi, gawo la nkhope ndi khoma lopanda kanthu.

Chitsanzo: vidiyo ya mlangizi wa zaulimi

Tiyerekeze vidiyo ya 1920 ndi 1080 imene mlangizi akuonetsa mlimi kabzalidwe ka chimanga. Choyamba wokonza amadula vidiyo paliponse pamene chithunzi chasinthira, chifukwa chigawo chilichonse chimafuna zenera lake. Vidiyoyi ili ndi zigawo zinayi.

M'chigawo choyamba mlangizi waima chilili akulankhula, nkhope yake ili pa 1280 ndipo wayang'ana kumanzere. Kuti akhale pakati pa zenera, pa 1280 pamachotsedwa theka la 608, lomwe ndi 304, ndipo zenera limayambira pa 976. Komabe munthu woyang'ana kumbali amafunika mpata kutsogolo kwa maso ake, apo ayi amaoneka ngati wapanikizidwa. Zenera likayambira pa 920, kutsogolo kwa nkhope kumakhala mapikiselo 360 ndipo kumbuyo 248. Mu FFmpeg, pulogalamu yaulere yoyendetsedwa ndi malamulo olemba, ntchitoyi imachitika motere:

```
ffmpeg -i munda.mp4 -vf "crop=608:1080:920:0,scale=1080:1920,setsar=1" -c:a copy yoimirira.mp4
```

Manambala anayi a `crop` ndi kutambalala, msinkhu, poyambira kumanzere ndi poyambira pamwamba. Nambala yachitatu singapose 1312, chifukwa kupitirira apo zenera lingatuluke kunja kwa chithunzi. Mu mapulogalamu ngati Premiere Pro, DaVinci Resolve ndi CapCut, wokonza amatsegula ntchito ya 9:16, amakulitsa vidiyo mpaka itadzaza msinkhu wonse, kenako amasintha `Position` kuti munthu alowe bwino.

M'chigawo chachiwiri mlangizi akuyenda m'mbali mwa mzere, kuchoka pa 500 kufika pa 1400 m'masekondi 6. Akuyenda mapikiselo 900, kutanthauza 150 pa sekondi, ndipo zenera lokhazikika silingamusunge. Zenera liyenera kuyambira pa 196 n'kuthera pa 1096:

```
crop=608:1080:'min(196+150*t,1096)':0
```

Apa `t` ndi nthawi m'masekondi kuchokera pamene chigawocho chayambira, ndipo `min` imaimitsa zenera likafika pa 1096. Mu mapulogalamu ena, zimenezi zimachitika poika makifuremu awiri, ndiko kuti zizindikiro zouza pulogalamu pamene zenera liyenera kukhala pa nthawi inayake: chimodzi pamene munthu wanyamuka, china pamene waima. Makifuremu awiri kapena atatu amakwana. Wokonza akaika kifuremu pa sitepe iliyonse, chithunzi chimanjenjemera. Chizindikiro chake n'chakuti mitengo ndi mapiri akumbuyo amagwedezeka uku ndi uku pamene munthu akuyenda bwinobwino. Kuyenda kwa zenera kumafunikanso kuyamba pang'onopang'ono ndi kuima pang'onopang'ono, monga mmene dzanja la wojambula limachitira.

M'chigawo chachitatu mlangizi ndi mlimi akukambirana, wina kumanzere wina kumanja. Onse awiri sangalowe m'mapikiselo 608. Njira imodzi ndi kudumpha kuchoka pa wina kupita pa mnzake nthawi iliyonse wolankhula akasintha. Kudumpha n'kwabwino kusiyana ndi kukoka zenera uku ndi uku, kumene kumachititsa chizungulire. Koma ngati akulandizana mawu mofulumira, kapena ngati nkhope ya womvetsera ili ndi uthenga, ndi bwino kuwasanjikiza, wina pamwamba wina pansi. Aliyense amapatsidwa malo a 1080 ndi 960, odulidwa kuchokera pa kachidutswa ka 960 ndi 854. Kukulitsa kwake ndi pafupifupi 1.13 basi, choncho chithunzi chimaoneka bwino kuposa cha zenera limodzi lalitali.

M'chigawo chachinayi mlangizi wawerama akuyeza mtunda wa pakati pa mapando ndi kamtengo. Mawu ake akunena za mtundawo, choncho chofunika kuonedwa si nkhope koma manja, kamtengo ndi mapando awiriwo. Ngati zonsezi zatenga mapikiselo 900, zenera la 608 lingabise phando limodzi ndipo phunziro lonse lingasokonekere. Apa wokonza amadula chithunzi cha mbali zofanana, 1080 ndi 1080, n'kuchiika pakati pa sikirini popanda kuchikulitsa n'komwe. Pamatsala mapikiselo 840 a msinkhu, amene angagwiritsidwe ntchito polemba mutu pamwamba ndi mawu a wolankhula pansi.

Zithunzi zosadulika

Zithunzi zina uthenga wake uli pa kutambalala komweko, monga munda wonse, kwaya, gulu lovina kapena masewera a mpira. Zotere zingaikidwe zathunthu pakati, pa muyeso wa 1080 ndi 608, ndipo pamwamba ndi pansi pamadzazidwa ndi mtundu umodzi kapena ndi vidiyo yomweyo yokulitsidwa n'kuchititsidwa chimbuuzi. Palibe chotayika, koma chithunzi chimatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a sikirini ndipo nkhope zimachepa. Njirayi imathandiza kwa masekondi ochepa, osati vidiyo yonse. Kufinya chithunzi chogona kuti chilowe chonse mu 9:16 si njira yovomerezeka, chifukwa anthu amatalika n'kuonda ndipo zinthu zozungulira zimasongoka.

Zida zodula zokha

Adobe inaika `Auto Reframe` mu Premiere Pro mu 2019. Mu 2020 Google inatulutsa AutoFlip, ndipo Apple inawonjezera `Smart Conform` mu Final Cut Pro. DaVinci Resolve Studio ili ndi `Smart Reframe`. Zida zimenezi zimafufuza nkhope ndi zinthu zoyenda n'kusankha pamene zenera likhale. Zimagwira bwino pa munthu mmodzi wooneka bwinobwino, koma zimaweruza potengera zooneka, osati tanthauzo la zimene zikunenedwa. Pa chitsanzo cha mlangizi, chida chingatsatire nkhope n'kusiya mapando, kapena kukopeka ndi munthu wongodutsa kumbuyo. Zimene chida chapanga ndi poyambira chabe, ndipo wokonza ayenera kuziona zonse n'kukonza pamene chasochera.

Zolemba ndi malo obisika

Dzina la wolankhula, mawu omasulira ndi zigoli za masewera zimene zinamatidwa kale pa vidiyo yogona zimadulidwa pakati. Ngati pali fayilo yopanda zolemba, ndi imene iyenera kugwiritsidwa ntchito, ndipo zolembazo zilembedwenso m'mizere yaifupi. Komanso TikTok, Reels ndi Shorts amaika mabatani awo kumanja chakumunsi, ndi dzina la mwini vidiyo pansi. Malo enieni a zinthuzi amasiyana ndipo amasinthidwa nthawi ndi nthawi, choncho nkhope, manja ndi zolemba ziyenera kukhala chapakati, maso a wolankhula ali cha pa mzere wapamwamba wa magawo atatu aja.

Kuyesa ntchito ndi kukonzekera

Vidiyo yomalizidwa imasungidwa kawirikawiri ngati MP4 ya H.264, pa liwiro la mafuremu lomwe inajambulidwira, monga 25 kapena 30 pa sekondi. Iyenera kuonedwa pa foni yeniyeni kawiri: koyamba popanda mawu, kuti zidziwike ngati chofunika chikuoneka nthawi zonse, kachiwiri ndi mawu, kuti zitsimikizike kuti chimene chikunenedwa ndi chimene chikuonetsedwa. Mavuto ambiri amapewedwa pa tsiku lojambula. Wojambula amene akudziwa kuti vidiyo idzafunika m'miyeso yonse iwiri amajambula pa 3840 ndi 2160, amaima pataliko kuti pakhale mpata pamwamba pa mutu ndi m'mbali, ndipo amasunga zochitika zofunika mkati mwa gawo limodzi mwa magawo atatu a chithunzi.