Apositirofe: kulankhula kwa amene sangayankhe

Mawu oti apositirofe ali ndi matanthauzo awiri. Loyamba ndi nkhodolero, kachizindikiro ka m'mawu ngati ng'ombe. Lachiwiri ndi la m'ndakatulo, pamene woyankhula asiya omvera ake n'kuyamba kulankhula ndi munthu amene palibe, mtsinje kapena imfa. Mawuwa adachokera ku Chigiriki, ndipo amatanthauza kutembenukira kumbali.

Titenge Bua, mtsinje woyambira m'boma la Mchinji. Mlakatuli akati, "Bua wakokolola dimba langa," wangotiuza nkhani. Akati, "Iwe Bua, kodi dimba langa lidakulakwira chiyani?" watipatsa nkhongo, wayang'ana madzi. Ife tasanduka mboni pamlandu, ndipo mtsinje ndiye woimbidwa. Poti Bua sangayankhe, funsolo limatsalira m'mitima mwathu. Izi zikusiyana ndi kungoupatsa mtsinje umunthu, monga kunena kuti Bua wakwiya. Apositirofe imafuna kuitana kwenikweni.

Chipangizochi sitidachiphunzire kusukulu. Pamaliro, amayi olira m'siwa amafunsa malemu kuti ana awasiyira yani.

Chimene ndimachikonda kwambiri n'chakuti Chichewa chimatikakamiza kusankha pakati pa iwe ndi inu. Mayi amene adatisiya timawati inu, ndiye kuti ulemu ukadalipo, ubale sudathe. Imfa timaiti iwe, kuichepetsa ndi kuinyoza pamaso. Koma mlakatuli akaitana mtsinje, mwezi ndi phiri m'ndime imodzi popanda chowauza chenicheni, omvera amangomva phokoso.