Kusiyana kwa Repost, Quote ndi Reply pa X: mwini uthenga amaona chiyani?

Pansi pa uthenga uliwonse wa pa X, tsamba lomwe mpaka chaka cha 2023 linkatchedwa Twitter, pali njira zitatu zochitirapo kanthu. Kusiyana kwake kwagona pa funso limodzi: kodi zokambirana zotsatirapo zikhala m'manja mwa yani?

Tiyerekeze kuti mayi wina wochita malonda ku Limbe walemba mtengo wa nsalu zake, ndipo inu mwauona.

Mukadina Repost, uthengawo umafika kwa okutsatirani monga momwe ulili, dzina la mayiyo lili pamwamba. Simuwonjezerapo mawu. Aliyense woukonda kapena kuuyankha amakhala akuchita zimenezi pa uthenga wa mayiyo, osati wanu. Iwo amalandira chidziwitso choti mwaugawa, ndipo akaufufuta, umazimiririkanso patsamba lanu.

Mukasankha Quote, mumalemba uthenga watsopano, wanuwanu, wa mayiyo n'kukhala m'kabokosi pansi pa mawu anu. Mukalemba kuti mtengowo wakwera kwambiri, okutsatirani amayankha kwa inu. Mayiyo amadziwitsidwa kuti mwatchula uthenga wawo, ndipo angathe kutsegula ndi kuwerenga zonse, ngakhale kuti salandira chidziwitso pa yankho lililonse. Alibe mphamvu yobisa zomwe zikunenedwa kumeneko. Akafufuta uthenga wawo, mawu anu amatsala, m'kabokosimo n'kungolembedwa kuti uthengawo sukupezeka.

Reply ndi yankho lomwe limakhala pansi pa uthenga wa mayiyo, pomwe makasitomala awo amawerenga. Apa ndi pakhomo pawo. Amadziwitsidwa, angathe kubisa yankho lanu podina Hide reply, komanso angathe kusankha anthu ololedwa kuyankha. Yankho lobisidwa silifufutika. Limasamukira pamalo ena pomwe wofuna angaliwerenge. Koma kuchepetsa oyankha sikuletsa anthu kugwiritsa ntchito Quote, n'chifukwa chake mikangano yambiri imasamukira kumeneko.

Cholakwika chomwe ambiri amachita ndi kuganiza kuti Quote ndi miseche ya kuseri. Ngati tsamba lanu ndi lotsegukira aliyense, mwini uthenga amaona dzina lanu ndi mawu anu onse. Zinthu zimasintha pokhapokha mutatseka tsamba lanu kuti muziwerengedwa ndi okhawo omwe munawavomereza. Pamenepo, ngati mayiyo sali pakati pawo, saona yankho lanu ngakhale Quote yanu. Nawonso akatseka lawo, uthenga wawo sungagawidwe ndi Repost.

Chomwe mwini uthenga sadziwitsidwa n'komwe ndi chithunzi chojambulidwa pa sikirini ya foni. Chithunzi chotere sichilumikizana ndi uthenga weniweni, choncho chimapitirira kuzungulira ngakhale mayiyo atakonza mtengo kapena kufufuta zomwe analemba.

Wofuna kuti mayiyo amuyankhe asankhe Reply, wofuna kuwathandiza kufalitsa malonda adine Repost, ndipo wosankha Quote adziwe kuti akuitanira anthu pabwalo lake, mwini nkhani akumva.