Kusakaniza zotsatira za malonda poyeza kutsika kwa mpamba

Kusakaniza zotsatira za malonda ndi njira imene ogula ndi kugulitsa masheya kapena ndalama zakunja amagwiritsa ntchito pofuna kudziwa kuti mpamba wawo ungatsike kufika pati. Kutsika kumene kumayezedwa ndi kwa pakati pa pamene mpamba unafika pamwamba kwambiri ndi pamene unagwera pansi kwambiri usanadutsenso pamwambapo. Mbiri ya wamalonda imaonetsa ndondomeko imodzi yokha ya kupindula ndi kuluza, koma malonda omwewo akanatha kubwera motsatana mwina. Njirayi ili m'gulu la Monte Carlo, limene Stanislaw Ulam, John von Neumann ndi Nicholas Metropolis anayambitsa ku Los Alamos m'zaka za m'ma 1940.

Tiyerekeze wamalonda amene wayamba ndi madola 1,000 ndipo wachita malonda khumi: asanu ndi amodzi anapindula madola 60 alionse, anayi analuza madola 40 alionse. Phindu lonse ndi madola 200. M'mbiri yake kuluza sikunatsatanepo, choncho mpamba sunatsikepo kupitirira madola 40. Munthuyu angaganize kuti chiopsezo chake ndi chomwecho, pamene unali mwayi chabe. Pali njira 210 zoikira kuluza kunayiko pakati pa malonda khumi, ndipo ndi 35 zokha, imodzi mwa zisanu ndi chimodzi zilizonse, zimene kuluza sikutsatana. Njira 120 zimatsitsa mpamba ndi madola 80, njira 6 ndi madola 100, njira 42 ndi madola 120, ndipo m'njira 7 kuluza konse kumabwera mondondozana n'kudya madola 160.

Malonda akachuluka, njira zonse sizingawerengeke, ndiye kompyuta imasakaniza mwachisawawa kambirimbiri, n'kumalemba kutsika kwakukulu kwa ulendo uliwonse:

```python
import numpy as np
t = np.array([60,-40,60,60,-40,60,-40,60,-40,60])
dd = []
for _ in range(10000):
    e = 1000 + np.cumsum(np.r_[0, np.random.permutation(t)])
    dd.append((np.maximum.accumulate(e) - e).max())
print(np.percentile(dd, [50, 95]))
```

Yankho lake ndi 80 ndi 120. Kutsika kwapakatikati ndi madola 80, ndipo pa maulendo 100 alionse, osachepera 95 sadutsa madola 120. Nambala yachiwiriyi ndiyo yoyenera kuiganizira posankha kukula kwa ndalama zoika pa malonda amodzi, chifukwa ndi yowirikiza katatu ija ya m'mbiri.

Pali kusankha kwa mitundu iwiri. Koyamba ndi komwe taonaku: zotsatira zonse zimagwira ntchito kamodzikamodzi, phindu lomaliza silisintha, ndipo mpamba sungatsike kupitirira madola 160. Kwachiwiri ndi butusitirapu, njira imene Bradley Efron anafalitsa mu 1979, yomwe ili ngati kutola kapepala m'chipewa, kulemba nambala yake, n'kukabwezeramo musanatolenso. Apa kuluza kungatuluke kasanu kapena kupitirira motsatana, ndipo phindu lomaliza limasinthasintha, mwina n'kukhala kuluza kumene. Kwachiwiriku ndiko kumafanana kwambiri ndi funso la zam'tsogolo, popeza palibe chotsimikizira kuti malonda khumi otsatira adzakhalanso ndi kuluza kunayi kokha.

Njirayi ili ndi malire, ndipo kuwanyalanyaza n'koopsa kuposa kusayeza n'komwe, chifukwa manambala amapatsa munthu chidaliro. Kusakaniza kumatenga ngati malonda alionse ndi oima paokha. Pamsika weniweni kuluza kumakonda kubwera m'magulu, msika ukasintha khalidwe, ndipo kusakaniza kumamwaza maguluwo n'kuchepetsa chiopsezo. Mankhwala ake ndi kutola zigawo za malonda otsatana, monga asanuasanu, m'malo motola amodziamodzi, njira imene Hans Künsch anafotokoza mu 1989. Ngati kutola m'zigawo kukupereka kutsika kwakukulu kuposa kutola amodziamodzi, ndiye kuti kuluza kumaunjikanadi m'mbiriyo, ndipo yankho la zigawo ndilo loyenera kutsatira.

Vuto lina lilibe mankhwala otere: chimene sichinalowe m'mbiri sichingatuluke. Pa 15 Januwale 2015 banki yaikulu ya ku Switzerland inasiya mwadzidzidzi kuteteza malire a mafuranki 1.20 pa yuro imodzi, ndipo furanki inakwera mtengo kwambiri m'mphindi zochepa. Aliyense amene anasakaniza malonda ake a zaka zitatu zabata za m'mbuyomo sakanaona kuluza koteroko, ngakhale akanabwereza kamiliyoni. N'chimodzimodzinso ndi malamulo ochitira malonda amene anakonzedwa mobwerezabwereza mpaka kugwirizana bwino ndi mitengo yakale: zotsatira zake n'zokometsedwa kale, choncho ndi bwino kusakaniza malonda a nyengo imene sinagwiritsidwe ntchito pokonza malamulowo.

Kutalika kwa ulendo nakonso n'kofunika. Kutsika kwakukulu kumakula malonda akamachuluka, motero yankho la malonda 100 silingaimire malonda 500. Ndipo ngati wamalonda amaika gawo la mpamba wake, monga 2 peresenti, osati ndalama yosasintha, zotsatira ziyenera kulembedwa m'maperesenti n'kumachulukitsidwa motsatana, osati kuphatikizidwa monga m'chitsanzo chija.